Katoni ya madengu ya makilo 6 imene inalipitsidwa makilo 27

Ndimagwira ntchito pa kaunta ya kampani yotumiza mapasulo kuno ku Chipata. Ntchito yanga ndi kulandira katundu, kumuyeza, kulemba lisiti ndi kumulongedza mu galimoto yopita ku Lusaka. Lipoti ili ndi la pasulo imodzi ya mayi wina wogulitsa madengu a mlaza. Ndalisankha chifukwa zimene zinawachitikira amayiwa zimachitikiranso anzathu ambiri a malonda ang'onoang'ono amene ayamba kupeza makasitomala akutali kudzera pa foni, ndipo vutolo limatheka kulipewa munthu asanachoke n'komwe panyumba.

Amayiwa amagula madengu kwa oluka a kumudzi n'kumawagulitsa. Sitolo ina ya ku Lusaka inawaitanitsa madengu asanu ndi anayi: atatu aakulu, atatu apakati, atatu aang'ono. Anagwirizana kuti mtengo wa madenguwo uphatikize ndi ndalama yotumizira. Analongedza onse mu katoni yaikulu imene anagula ku Down Shops, anaikoloweka pa sikelo ya mnansi wawo wogula nshawa, ndipo inaonetsa makilo 6.4. Iwo anawerengera makilo 7. Mitengo yathu imasinthasintha, choncho m'lipoti muno ndigwiritsa ntchito K15 pa kilo kuti masamu ayende mosavuta. Pa mtengo umenewo amayembekezera kulipira K105, ndipo ndi ndalama imeneyi anaika pamwamba pa mtengo wa madengu pouza wa sitolo.

Katoni itafika kwa ine, sikelo yathu inavomereza makilo 6.4 aja. Kenaka ndinatenga tepi. Mulitali inali masentimita 75, mulifupi 45, msinkhu 40. Manambala atatuwa timawachulukitsa, zimene tapeza n'kugawa ndi 5000:

```
75 × 45 × 40 = 135000
135000 ÷ 5000 = 27
```

Pa kompyuta yathu nambala yachiwiriyi imalembedwa kuti volumetric weight, ndipo makampani ena amalemba dimensional weight. Ife pofotokozera anthu timangoti makilo a malo. Lamulo lake n'lakuti timayerekeza makilo a pa sikelo ndi makilo a malo, ndipo amene achuluka ndi amene munthu amalipira. Apa 27 inaposa 6.4, ndiye mtengo unakhala K405.

"Mwana wanga, sikelo yako yomweyo yanena makilo 6. Nanga enawo ukuwatenga kuti?" anandifunsa.

Funso limeneli ndi loyenera, ndipo munthu wa pa kaunta amene amangoyankha kuti ndi mmene kompyuta yanenera amakhala atamulakwira kasitomala. Ndinawatengera kuseri kumene galimoto inali kulongedzedwa kuti aone okha.

Galimoto ya katundu ili ndi malire awiri. Oyamba ndi kulemera kumene matayala, masipuling'i ndi lamulo la pa msewu zimalola. Achiwiri ndi malo a m'bodi. Kulongedza kumatha pamene amodzi mwa malire awiriwa afikidwa, ndipo zilibe kanthu kuti enawo akadali kutali. Tengani galimoto ya matani atatu ya bodi yotseka, ya mamita 4 mulitali, 2 mulifupi ndi 2 msinkhu. M'kati mwake muli malo okwana makiyubiki mita 16. Mukalongamo chimanga, matumba 60 a makilo 50 amakwanitsa matani atatu aja, koma bodi imakhala isanafike ngakhale theka. Galimoto yakhuta kulemera, malo akadalipo. Tsopano longanimo makatoni ofanana ndi ya amayi aja. Amalowa pafupifupi 118, chitseko n'kutsekeka movutikira, koma onse pamodzi akulemera makilo 755 okha. Galimoto ya matani atatu yadzaza ndi katundu wosafika tani imodzi.

Galimoto imeneyo idzayendabe mtunda wa makilomita oposa 550 mu Great East Road, kudutsa Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, kutsika pa mlatho wa Luangwa n'kukwera mapiri aja mpaka Chongwe. Dizilo imatsikako pang'ono ikakhala yopepuka, koma dalaivala malipiro ake ndi omwewo, pa matologeti mtengo ndi womwewo, ndipo ulendo ndi umodzi basi. Kampani ikamalipitsa ndi sikelo yokha, tsiku limene kwabwera mapilo, mabeseni a pulasitiki ndi madengu imalandira gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama za ulendo. Ikadapitiriza choncho, ikadakweza mtengo wa kilo kwa aliyense, ndipo wotumiza kachitsulo ka injini kokwana m'manja akadamalipirira malo amene adyedwa ndi mapilo a mnzake. Ine ndimaona kuti kuyeza ndi tepi n'kwachilungamo kuposa pamenepo. Chimene sichachilungamo ndi kusawauza anthu pasadakhale.

Nambala ya 5000 sinangotoledwa. Kiyubiki mita imodzi ili ndi makiyubiki sentimita 1,000,000, ndipo mukagawa ndi 5000 mumapeza makilo 200. Ndiye kampani ikunena kuti malo a kiyubiki mita imodzi iwaona ngati anyamula makilo 200, kaya muli thonje kaya muli mpweya. Bwererani ku galimoto ija: makilo 3000 kugawa ndi 16 ndi pafupifupi makilo 188 pa kiyubiki mita. Mukuona kuti manambala awiriwa ayandikana. Pamenepo ndi pamene bodi imadzaza nthawi imodzi ndi kulemera. Katundu wothithikana kuposa pamenepa amalipira ndi sikelo, wa wofuwofu kuposa pamenepa amalipira ndi tepi. Katoni ya amayi inali pa makilo 47 pa kiyubiki mita, kutali kwambiri.

Atamva zimenezi sanatsutse, koma vuto lawo linali lidakalipo. K300 yowonjezera inali kudya pafupifupi phindu lonse la madenguwo, ndipo wa sitolo anali atamuuza kale mtengo. Ndinawapempha kuti titsegule katoni.

Madengu aakulu, a masentimita 40 kukamwa, anali atalowetsana atatu mbali imodzi. Apakati, a masentimita 33, anali pambali pake. Aang'ono anali atavundikiridwa pamwamba pa apakati. Malo onse otsala, m'makona, m'mimba mwa dengu lalikulu la pamwamba ndi pansi pa chivundikiro, anali atatsinira manyuzipepala opindapinda. Analongedza mosamala, ndipo dengu silikadaphwanyika ngakhale limodzi. Koma gawo lalikulu la katoni linali nyuzipepala ndi mpweya, ndipo tepi siisiyanitsa dengu ndi mpweya.

Mwayi unalipo chifukwa madenguwa ndi otambalala kukamwa ndi opanikiza kunsi, choncho amalowana. Dengu lalikulu ndi la masentimita 18 msinkhu, ndipo lililonse lolowetsedwa mwa linzake limangowonjezera masentimita atatu. Atatu aakulu anafika 24. Tinakhazika atatu apakati m'mimba mwa lalikulu la pamwamba, mulu unakwera kufika 28. Aang'ono atalowa mwa apakati, mulu wonse unaima pa masentimita 32. Pakati pa dengu ndi linzake tinayala pepala limodzi losapinda, longoteteza kuti mlaza wonyikidwa mu utoto usakhulane ndi woyera.

Katoni yokwana mulu umenewu tinalibe, ndiye tinadula yomwe ija. Njira yake ndi iyi. Mumachotsa matepi onse n'kuiphwasula kuti igone pansi, mumayeza masentimita 42 mbali zonse zinayi, n'kukanda mzere ndi kumbuyo kwa mpeni popanda kuboola, kuti ipindike mowongoka. M'makona mumacheka kuchokera pamwamba kutsika mpaka pa msinkhu umene mukufuna, zotsalazo zimakhala chivundikiro. Zidutswa zimene zinatsala tinazipinda n'kuziimika m'makona anayi ngati mizati, chifukwa dengu ndi lozungulira ndipo kona yopanda kanthu ndi imene imayamba kubonyoka katundu wina akasanjikidwa pamwamba. Titamata, tepi inanena 42, 42 ndi 34.

```
42 × 42 × 34 = 59976
59976 ÷ 5000 = 11.995
```

Makilo a malo anatsika kuchoka pa 27 kufika pa 12, ndipo mtengo unakhala K180. Sunafike pa K105 imene ankayembekezera, ndipo sukadafika. Dengu ndi chinthu cholukidwa kuti chikhale ndi mimba, ndiye ngakhale mutalongedza mwaluso chotani lidzalipirabe ndi tepi. K75 inatuluka m'phindu lawo, koma K225 inapulumuka.

Pa kuyeza kumeneku pali chinthu chimodzi chimene ndinawaonetsa dala. Tisanamange bwino, chivundikiro chinali chitatukuka pakati ndipo mbali zinali zitafufuma pang'ono. Ife sitiyeza m'mphepete, timayeza pamene patukuka kwambiri, chifukwa katoni yoyandikana nayo imaima pamene mimba yathera. Sentimita imodzi yokha mbali iliyonse ikadapereka 43, 43 ndi 35, zimene ndi makilo 12.9, ndipo ife timakweza kufika pa 13. Makampani ambiri amakweza kufika pa theka la kilo kapena kilo yathunthu yotsatira, satsitsa. Choncho mukaona kuti masamu anu agwera pafupi ndi malire, monga 11.995, mangani tepi molimba mopingasa ndipo muyezenso mutamaliza kumata. Manambala osindikizidwa pansi pa makatoni ena musawadalire, chifukwa kawirikawiri amanena za m'kati, ndipo katoni yogwirapo kale ntchito imakhala itatanuka.

Sikelo tsopano inali kunena makilo 5.6, pamene iwo akulipira 12. Izi zikutanthauza kuti makilo oposa 6 anali olipiridwa kale koma osagwiritsidwa ntchito. Dengu laling'ono la pamwamba linali ndi mimba yopanda kanthu. Ndinawafunsa ngati wa sitoloyo amagulako zina. Anaimba foni, ndipo anagwirizana zoikamo zitenje zingapo zimene amayiwa anali nazo m'chikwama. Tinazipinda n'kuzitsinira m'dengumo, sikelo inakwera kufika pafupi makilo 7, mtengo sunasinthe, ndipo zitenjezo zinathandizanso kuti madengu asagwedere. Wogulitsa amene ali ndi katundu wa mitundu iwiri, wopepuka wodya malo ndi wolemera wochepa thupi, amapindula akamatumiza pamodzi, malinga ngati wolemerayo sangathimbiritse kapena kuphwanya wopepukayo. Nshawa kapena uchi m'dengu la mlaza woyera ine sindivomereza, mafuta ake akalowa mu mlaza satuluka.

Chimene amayiwa anafunitsitsa kudziwa ndi mmene angamadziwire mtengo ali kunyumba, asanayankhe kasitomala. Sikuti pamafunika zida zodula. Tepi ya telala imakwanira, ndi ya masentimita 150. Rula ya mwana wa sukulu ndi masentimita 30. Zonsezi zikasowa, pepala la A4 ndi la masentimita 21 mulifupi ndi pafupifupi 30 mulitali, ndipo mutha kuligudubuza m'mbali mwa katoni n'kuwerenga kuti lalowa kangati. Kuyeza ndi chikhato ndimaletsa, chifukwa kuphonya kwa masentimita awiri mbali iliyonse kumachulukitsidwa katatu.

Masamu aja amatheka kuwafupikitsa. Sunthani kadontho malo amodzi pa nambala iliyonse, kuti 75, 45 ndi 40 akhale 7.5, 4.5 ndi 4. Mukachulukitsa mumapeza 135, ndipo amenewo ndi malita amene katoniyo ingamwe. Gawani ndi 5, mwapeza makilo 27. Ndiye kuti malita asanu aliwonse ndi kilo imodzi ya malo. Nditafika apa amayiwa anandidula pakamwa.

"Ndiye kuti meda imodzi ndi kilo imodzi?"

"Eya amayi, ndi momwemo. Ndowa ya malita 20 ndi makilo anayi."

Munthu amene wagulitsapo pa Kapata kapena pa Saturday Market amadziwa ndi maso kukula kwa meda ndi ndowa, ndipo angayang'ane katoni n'kunena kuti mungalowe ndowa zingati. Katoni yolowa ndowa zitatu ndi makilo 12, yolowa ndowa zisanu ndi makilo 20. Muyezo womwewu umakuuzani ngati katundu wanu ndi wa sikelo kapena wa tepi. Dzazani meda ndi chimene mumagulitsa, muyeze. Chikapitirira kilo imodzi, monga nyemba, nshawa, mpunga kapena sopo, mudzalipira ndi sikelo ndipo tepi isakudetseni nkhawa, pokhapokha mutaika kanthu kakang'ono mu katoni yaikulu. Chikalephera kufika kilo imodzi, monga zipewa, nsapato zili m'mabokosi ake, mawigi, mfutso kapena ziwiya za pulasitiki, dziwani kuti mtengo wanu uli pa kukula kwa katoni. Uku n'kuyerekeza chabe, kokuthandizani kuyankha foni. Mtengo wotsiriza muuze kasitomala mutamata katoni ndi kuyeza ndi tepi.

Pali misampha iwiri imene ndimaiona kawirikawiri mwa amene ayamba kudziyezera. Woyamba uli pa tepi ya telala yomweyo. Mbali imodzi ili ndi masentimita, inayo mainchi, ndipo atelala ambiri anazolowera mainchi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Katoni yoyamba ija mu mainchi ndi pafupifupi 30, 18 ndi 16, ndipo mukachulukitsa n'kugawa ndi 5000 mumapeza makilo 1.7, yankho lochepa kakhumi ndi kasanu n'kamodzi. Chizindikiro chake n'chosavuta: katoni yoti mukuinyamula ndi manja awiri otambasula siingakhale ya makilo a malo osafika awiri. Mukapeza zotero, tembenuzani tepi.

Wachiwiri ndi katundu wopanda makona. Chikwama cha ukwa, thumba lomanga kukamwa, mphasa yokulunga, ng'oma, zonsezi timaziyeza ngati kuti zili m'bokosi. Timatenga pamene patalika kwambiri, pamene pafufuma kwambiri ndi pamene pakwera kwambiri. Chinthu chozungulira cha masentimita 40 kukamwa chimawerengedwa 40 kuchulukitsa 40, makona opanda kanthu aja n'kulipiridwanso. Chogwirira chimodzi chotulukira kunja ndi masentimita 10 chimakulitsa mbali yonseyo ndi masentimita 10. N'chifukwa chake ndinawalangiza amayiwa kuti akamaitanitsa madengu otumiza kutali aziuza oluka kuti zogwirira zikhale zogona m'mphepete kapena zopindikira m'kati, komanso kuti miyezo itatu ija izisiyana mokwanira kuti madengu azilowana mpaka pansi. Dengu la mbali zowongoka ngati mgolo sililowa mwa linzake lofanana nalo kukula, ndipo atatu otere amadya malo a asanu ndi anayi opanikiza kunsi.

Kupanikiza kuli ndi malire ake. Mlaza ukauma kwambiri, monga mu Okutobala, umathyoka ukakanikizidwa, ndipo dengu limene lakhala tsiku lonse lotsinidwa mopendeka limafika lopotoka kukamwa. Ngati polowetsa dengu mukumva kulira kwa mlaza kapena mukufunika kulikankha ndi bondo, mwapitirira. Chinthu chosweka monga mbiya kapena galasi chimafuna masentimita angapo a zofewa mbali zonse, ndipo malo amenewo alipireni ndi mtima umodzi, chifukwa kusunga K30 n'kutaya katundu wa K600 si malonda. Dziwaninso kuti makampani ambiri salipira chipukutamisozi akapeza kuti katundu anasweka chifukwa cholongedza molakwa. Katoni yodulidwa n'kumatanso imafowoka pang'ono, choncho m'nyengo ya mvula timaikulunga ndi pulasitiki yopyapyala yomamatira, imene siwonjezera kanthu pa tepi.

Nambala yogawira si imodzi kulikonse, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka akamayerekeza mitengo. DHL Express pa mapasulo opita kunja imagawa ndi 5000. Katundu wa m'ndege za kago, motsata muyezo wa IATA, bungwe la makampani a ndege, amagawa ndi 6000, zimene ndi pafupifupi makilo 167 pa kiyubiki mita. Ena a pa msewu amagawa ndi 4000. Nambala ikachepa, makilo amachuluka. Katoni yachiwiri ija ndi makilo 10 pa 6000, makilo 12 pa 5000, ndi makilo 15 pa 4000. Kampani ya K13 pa kilo yogawa ndi 4000 ikadawalipitsa amayiwa K195, kuposa K180 ya kampani ya K15 yogawa ndi 5000. Musanasankhe, funsani mtengo wa kilo, nambala imene amagawira, ndi mmene amakwezera zotsalira. Ngati makatoni ndi angapo, funsaninso ngati amawerengera iliyonse payokha kapena amaphatikiza, chifukwa katoni yolemera ndi yopepuka zikawerengedwa padera, iliyonse imalipira nambala yake yaikulu.

Amayiwa anafunsanso za basi, poti anzawo ambiri amatumiza momwemo. Pa siteshoni tepi siioneka kawirikawiri, koma wolandira katundu amayang'ana kukula kwa katoni, kuinyamula pang'ono n'kutchula mtengo. Akuwerenga malo omwewo a mu buti, kungoti ndi maso, ndipo katoni ya masentimita 75 aitchulira mtengo wokwera kuposa ya 42. Nthawi zambiri basi imatsika mtengo pa katundu wodya malo, koma wolandira ayenera kukadikira yekha pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka, ndipo madengu amagona pamodzi ndi matumba a mbatata. Kwa wa sitolo amene anafuna kuti katundu amupeze pakhomo ndi kusainira, njira imeneyo sinayenere.

Pasulo inafika bwino, madengu onse ali owongoka. Pa oda yotsatira amayiwa anabwera ndi katoni yodula kale, manambala atatu atalembedwa ndi makala pambali pake, ndipo anali atauza wa sitolo mtengo wotumizira wa makilo 12. M'kope lawo analemba miyezo ya milu imene amatumiza kawirikawiri: madengu atatu olowana a miyezo yosiyana, asanu ndi limodzi, ndi asanu ndi anayi. Chimene kopelo linaonetsa n'chakuti atatu okha, lalikulu, lapakati ndi laling'ono, amafuna katoni ya 42, 42 ndi 22, imene ndi makilo 8, pamene asanu ndi anayi ndi makilo 12. Kutumiza atatu kumadya K40 pa dengu, kutumiza asanu ndi anayi K20 pa dengu. Ataona zimenezo anasiya kuphatikiza ndalama yotumizira pa maoda aang'ono, ndipo wofuna madengu osafika asanu ndi limodzi amalipira yekha.